Momwe mungapangire kanyimbo ka malonda koti omvera wailesi akaloweze

Eni mabizinesi ambiri amalipira wailesi, uthenga wawo n'kuulutsidwa sabata ziwiri, koma palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe wobwera n'kunena kuti "ndakumvani pawailesi". Kawirikawiri chimene chimalakwika n'chakuti amatenga mawu a pachikwangwani kapena pakapepala kotsatsira malonda n'kukawawerengetsa momwemo pamaikolofoni. Chikwangwani munthu amachiyang'ana kawiri, mwina n'kuchijambula pafoni. Wailesi imamupeza akupalira, akusenda mtedza kapena akupalasa kabaza, alibe cholembera, ndipo mawu akadutsa adutsa. Chimene chimatsala m'mutu ndi kanyimbo, kaja anthu a pawailesi amati jingo. Kwa kasitomala amene amamvera kuposa kuwerenga, kanyimbo kameneko ndiye chikwangwani chanu.

Kuti zimveke bwino tiyerekeze sitolo ya mbewu pa msika wina m'boma la Mchinji. Papepala la boma sitoloyi ili ndi dzina lalitali la Chingerezi, koma aliyense amangoti "Pamkuyu" chifukwa pakhomo pake pali mkuyu waukulu. Tiyenda nayo sitolo imeneyi kuyambira polemba mpaka pomvera uthenga uli pawailesi.

Zofunika kukhala nazo

Pepala, cholembera ndi wotchi yowerenga masekondi (ya pafoni ndi yokwanira).

Woimba mmodzi wotsogolera ndi ovomereza awiri kapena atatu. Akwaya ya kutchalitchi amatha bwino ntchito imeneyi chifukwa anazolowera kuyambira ndi kuthera pamodzi.

Anthu awiri oyankhula, a mawu osiyana kwambiri, monga mayi ndi bambo.

Situdiyo, kapena ngati palibe, foni yojambula bwino mawu, laputopu yokhala ndi pulogalamu yaulere yokonzera mawu ojambulidwa ya Audacity, ndi chipinda chokhala ndi matiresi ndi makatani.

Kawailesi kakang'ono ka mabatire kapena foni ya mabatani. Musachione chopepuka chimenechi, ndicho chidzakuuzeni zoona kumapeto.

Pepala la mitengo la wailesi imene mukufuna kugwiritsa ntchito.

Gawo loyamba: kanyimbo

1. Sankhani dzina limene anthu amatchula kale

Imani pakhomo pa sitolo tsiku la msika, mumve mmene makasitomala amalozerana malo anu. Ngati akuti "Pamkuyu", dzina loti liimbidwe ndi limenelo. Dzina la palayisensi lisiyeni palayisensi. Apa eni ake ambiri amakakamira, amafuna dzina lonse lathunthu limveke chifukwa analilipirira polembetsa. Koma mayi wa kumudzi sadzafunsa wakabaza kuti amutule pa dzina la mawu anayi a Chingerezi limene sangathe kulitchula.

2. Lonjezani chinthu chimodzi

Lembani zonse zimene mukufuna anthu adziwe, kenako mufufute zonse kupatula chimodzi. Sitolo yathu imagulitsa mbewu, feteleza, makasu, mankhwala a mbozi ndi matumba osungira chimanga. Koma nkhawa yaikulu ya mlimi mu Novembala ndi mbewu yachinyengo, chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto chimene chimamera mwa apo ndi apo. Ndiye lonjezo likhale pamenepo: mbewu yake imamera.

Chenjezo: lonjezo likhale loti mungalikwaniritse tsiku lililonse. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza malonda onamiza anthu, ndipo ngakhale nkhani isafike kumeneko, mlimi amene wadzala kawiri adzaimba kanyimbo kanu komweko mokunyozani pa bawo. Ogulitsa mankhwala a anthu ayambe afunsa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority asanalembe chilichonse chonena za kuchiza matenda.

3. Lembani mawu a kanyimbo, osapitirira maphatikizo 16

Werengani maphatikizo, osati mawu, chifukwa liwu limodzi la Chichewa likhoza kutenga nthawi ya mawu atatu a chiyankhulo china. Kathu kakhala motere:

Wotsogolera: Pamkuyu!
Ovomereza: Pamkuyu!
Onse: Mbewu yake imamera.

Pa-m-ku-yu ndi maphatikizo anayi, kawiri akwana asanu ndi atatu. Mbe-wu ya-ke i-ma-me-ra ndi asanu ndi atatu enanso. Onse pamodzi 16, ndipo amaimbika m'masekondi asanu. Mwala wa kanyimbo uli pa kuitana ndi kuvomera. Ndi mmene timaimbira pamtondo, pachinkhoswe ndi kubwalo la mpira, choncho womvera amapezeka wavomera yekha osaganiza n'komwe. Akavomera, ndiye kuti watchula dzina la sitolo yanu ndi pakamwa pake.

Musaikemo mtengo wa katundu, nambala ya foni kapena chaka. Zimenezo zimasintha, pomwe kanyimbo kayenera kukhala komweko zaka zambiri.

4. Pekani maimbidwe motsata mmene mawuwo amayankhulidwira

Apa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa ndi pamene tinyimbo tambiri timafera. Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene kumasintha tanthauzo. Mtengo wa mkuyu ndi mtengo wa feteleza amalembedwa chimodzimodzi, koma pakamwa ndi osiyana: wa m'nkhalango umakwera pa "te", wa pamsika umangoyenda pansi. Mukamaimba, nyimbo ndiyo imalamula pokwera ndi potsika. Tiyerekeze mwini sitolo anafuna kuti kanyimbo kanene kuti "Pamkuyu, mtengo wabwino". Woimba akangokweza pa "te", anthu amva kuti mukuyamikira mthunzi wa mkuyuwo. N'chifukwa chake mawu a matanthauzo awiri ngati amenewa ndi bwino kungowapewa m'kanyimbo.

Chachiwiri, Mchewa akamamaliza chiganizo amakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati "imameera", osati "imameraa". Kanyimbo kabwino kamaika kugunda kwa ng'oma ndi kukoka kwa mawu pomwepo. Wopanga nyimbo akatenga kamayimbidwe kokonzedwa kale pakompyuta n'kukakamizamo mawu, kugundako kumagwera pa phatikizo lomaliza, ndipo dzina la sitolo limamveka ngati likutchulidwa ndi mlendo.

Njira yake ndi iyi. Nenani mawuwo mokweza kakhumi ngati mukuitana munthu ali kutsidya kwa msewu. Mumva kuti ayamba okha kukhala ndi kamayimbidwe. Ombani m'manja motsatira, kenako woimba atenge kuchokera pamenepo. Zoimbira zibwere pambuyo. Manotsi atatu kapena anayi oyandikana ndi okwanira. Ngati agogo sangathe kukafikira pokweza, ndiye kuti mwakakometsa mopitirira.

Chenjezo: musabwereke kamayimbidwe ka nyimbo yotchuka n'kungosintha mawu. Nyimbo ili ndi mwini wake pansi pa lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi m'Malawi. Kupatula za malamulo, anthu akamva nyimbo imene akuidziwa kale amaimba mawu akale aja, dzina lanu n'kutayika. Nyimbo za m'buku la kutchalitchi ndi za chipani zisiyeninso, zimagawa makasitomala.

5. Kayeseni musanawononge ndalama ya situdiyo

Imbirani anthu asanu amene sagwira ntchito pa sitolo yanu, kawiri kokha. Chezani nawo za zina kwa mphindi khumi, kenako muwapemphe akaimbe. Mawa lake muwafunsenso. Ngati atatu mwa asanuwo akaimba ndi dzina lolondola, pitirizani. Akakumbukira kamayimbidwe koma dzina ayi, ndiye kuti dzinalo lili pobisika. Akakumbukira mawu koma aliyense akuimba mwakemwake, vuto ndi maimbidwe, bwererani pa 4. Ana ndiwo mboni zosanama: akayamba kukaimba posewera, kagwira.

Gawo lachiwiri: uthenga wozungulira kanyimbo

6. Gawani masekondi 30

Mawailesi ambiri amagulitsa nthawi m'zigawo za masekondi 15, 30, 45 kapena 60. Kwa sitolo yaing'ono masekondi 30 ndi abwino. Agaweni chonchi: awiri oyamba kuitana ndi kuvomera kuja, "Pamkuyu! Pamkuyu!", 23 apakati oyankhula, asanu omaliza kanyimbo konse. Munthu woyankhula modekha amatchula maphatikizo anayi kapena asanu pa sekondi, ndiye m'masekondi 23 mukukwana maphatikizo pafupifupi 100, omwe ndi mawu osapitirira 40. N'zochepa zedi, ndipo aliyense wolemba koyamba amadabwa.

7. Lembani ngati macheza

Mawu a wolengeza mmodzi wowerenga mndandanda wa katundu amadutsa ngati mphepo. Anthu awiri akucheza amachititsa womvera kutchera khutu, chifukwa aliyense amafuna kumva za eni. Wathu ukhala motere:

Mayi: Achimwene, chaka chatha munadzala kawiri. Chaka chino bwanji?
Bambo: Ndaphunzira, achemwali. Mbewu ya m'mbale pamsika, ayi. Ndikupita Pamkuyu.
Mayi: Pamkuyu pati?
Bambo: Moyang'anana ndi chigayo, chitseko chobiriwira. Mbewu ya chimanga, mtedza ndi soya, m'mapaketi omata.
Mayi: Dikireni, nditenge chitenje!

Maphatikizo ake angopitirira pang'ono 100. Dzina latchulidwa kawiri m'macheza, kuphatikiza kanayi m'kuimba. Onaninso kuti malo alozedwa ndi zinthu zooneka ndi maso, chigayo ndi chitseko chobiriwira, osati nambala ya ploti. Kenako mukapentedi chitsekocho, ndipo chikasuluka mupentenso, chifukwa ndi chimene chikulumikiza zimene munthu wamva ndi zimene akuona akafika pamsika.

Nambala ya foni mulibe mwadala. Manambala athu a TNM ndi Airtel ali ndi madijiti khumi. Kuwatchula momveka kumadya masekondi asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndipo kamodzi sikokwanira, ndiye theka la nthawi yoyankhula latha. Ngati bizinesi yanu imayendera foni basi, monga yonyamula katundu, gulani masekondi 45, mutchule nambalayo kawiri m'timagulu ta madijiti atatu kapena anayi, ndipo kagawidwe kake kakhale kofanana nthawi zonse.

Werengani uthengawo ndi wotchi, mokweza, pamodzi ndi anthu amene adzaujambule. Ukapitirira, dulani mawu. Musauze oyankhula kuti afulumire.

Gawo lachitatu: kujambula

8. Konzani malo

Ngati mukupita ku situdiyo, gwirizanani ntchito isanayambe, ndipo mulembe papepala: mwalipira zingati, kanyimbo kakhala ka ndani, mungakaulutse pa mawailesi angati ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Woimba ndi wopanga nyimbo asayine. Popanda pepalali, chaka chamawa kanyimbo kakatchuka mudzauzidwa kuti munalipira za nyengo imodzi yokha.

Ngati mukujambula nokha, pewani chipinda chopanda kanthu cha simenti ndi malata, mawu amamveka ngati muli m'thanki. Imikani matiresi kukhoma kumbuyo kwa oyankhula, tsekani makatani, zimitsani furiji ndi fani. Masana malata amathetheka ndi dzuwa, m'mawa kuli atambala, choncho usiku anthu atagona ndiye nthawi yabwino. Foni yojambulira muiike pa `Airplane mode`, italikirane ndi pakamwa ngati chikhatho chotambasula, ndipo ikhale chapambali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usawombe maikolofoni. Dzina loyamba ndi "Pa" ngati lathuli limavuta pamenepa. Sokosi yoyera yovekedwa pa maikolofoni imathandiza.

Jambulani kanyimbo pakokha, macheza pawokha, chilichonse katatu kapena kanayi. Musanayambe, jambulani masekondi asanu muli chete.

9. Sakanizani

Mu Audacity, sankhani masekondi achete aja, tsegulani `Noise Reduction`, dinani `Get Noise Profile`, kenako musankhe mawu onse n'kuigwiritsanso ntchito. Musaonjeze mphamvu yake, mawu amayamba kumveka ngati a m'madzi.

Ngati pansi pa macheza mukufuna zoimbira zizimveka, ikani mzere wa zoimbirazo pamwamba pa mzere wa mawu, muusankhe, mugwiritse `Auto Duck`. Imatsitsa zoimbira nthawi iliyonse munthu akamayankhula. Imabwera itaikidwa pa `-12 dB`, koma pa uthenga wopita kumudzi ine ndimatsitsa kuposa pamenepo, ndipo nthawi zambiri ndimangozichotseratu. Macheza opanda zoimbira amamveka ngati enieni, ndipo kanyimbo kakabwera kumapeto kamadzidzimutsa bwino.

Mukamaliza, gwiritsani `Normalize` pa `-1 dB`, kenako `Export Audio` ngati `WAV`, `44100 Hz`, `16-bit`. Funsani awailesi ngati amafuna `WAV` kapena `MP3`. Yang'anani kutalika: masekondi 29 ndi theka ali bwino, 31 adzakudulirani kumapeto, ndipo kumapetoko ndi kumene kuli kanyimbo.

10. Mverani pa kachipangizo kotsika

M'situdiyo chilichonse chimakoma chifukwa masipika ake ndi aakulu. Kasitomala wanu ali ndi kawailesi ka sipika imodzi, mabatire ofooka, kopachikidwa panthambi kumunda. Gitala ya besi ndi ng'oma yaikulu sizimveka n'komwe pamenepo, ndiye ngati kukoma kwa kanyimbo kwatsamira pa besi, katsala chigoba. Komanso ngati wopanga nyimbo waika wotsogolera kumanzere ndi ovomereza kumanja, yesani `Mix Stereo Down to Mono` mumve ngati onse akumvekabe mofanana.

Ikani fayiloyo pa foni ya mabatani, muiike pakhonde, muime patali mapazi khumi, wina azisinja kapena kutsuka mbale. Ngati dzina ndi malo zikumvekabe, mwatha. Sungani mafayilo atatu m'malo awiri osiyana: kanyimbo pakokha, zoimbira zopanda mawu, ndi uthenga wonse. Potumiza pa WhatsApp sankhani `Document`. Mukautumiza ngati uthenga wa mawu umafinyidwa n'kutaya kumveka kwake.

Gawo lachinayi: kuulutsa

11. Sankhani wailesi ndi nthawi

Wailesi yomveka dziko lonse ngati MBC Radio 1 kapena Zodiak ndi ya amene katundu wake amapezeka dziko lonse. Sitolo ya pa msika umodzi ku Mchinji ikalipira kumeneko ikulipirira omvera a ku Karonga ndi ku Nsanje amene sadzapondapo. Wailesi ya m'dera ngati Mudzi Wathu ndiyo yake, monganso wa ku Nkhotakota kapena ku Mzimba angapitire ku wailesi ya kwawo. Musangokhulupirira zimene a zamalonda a wailesi akuuzani. Funsani makasitomala makumi awiri kuti amatsegula wailesi iti ndi nthawi yanji.

Tinene kuti ndalama yanu ikukwanira maulendo 42. Mukawamwaza miyezi itatu, uthenga uzimveka kamodzi pa masiku awiri, ndipo palibe adzaloweze. Aunjikeni: katatu patsiku kwa masiku 14, nthawi zofanana tsiku lililonse, kuti anthu omwewo aumve mobwerezabwereza. Kwa alimi, m'mamawa asanapite kumunda, masana akamapuma ndi madzulo pafupi ndi nkhani. Za mbewu ziyambe kumveka chakumapeto kwa Okutobala mvula isanagwe, ndipo masiku awiri otsogolera tsiku la msika asaphonyedwe.

Pemphani kuti nthawizo zilembedwe pa mgwirizano, funsani ngati mtengo waphatikiza msonkho, ndipo nenani kuti kanyimbo kanu kasagundane ndi mauthenga a maliro. Anthu ambiri amamvera nthawi imeneyo, koma "Pamkuyu!" wa chisangalalo atangotha kulengeza za mwambo woika m'manda sakhala bwino m'makutu.

12. Tsatirani

Pezani anthu awiri m'midzi yosiyana azilemba nthawi iliyonse akamva uthengawo, ndipo sabata ikatha muyerekeze ndi ndandanda wa kuwailesi. Magetsi amazima, mpira umatalika, msonkhano umaulutsidwa mwadzidzidzi, ndiye maulendo ena amadumphidwa popanda choipa chilichonse. Ophonyedwawo muwapemphe abwezedwe. Kusitolo, wogulitsa akhale ndi kope, azifunsa kasitomala aliyense wachilendo kuti "mwatidziwa bwanji?" n'kuchonga.

Nyengo ikasintha, sinthani macheza okha. Mu Januwale achimwene ndi achemwali aja akambe za feteleza wobereketsa ndi mbozi, mu Meyi za matumba osungira chimanga. Anthu awiriwo akhale omwewo, kanyimbo komweko. Kaikeninso pa sipika ya pakhomo pa sitolo tsiku la msika.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Chachikulu ndi kusintha kanyimbo chifukwa mwini wake watopa nako. Inu mwakamva kambirimbiri pojambula ndi posakaniza, pomwe mlimi wa kumalire wakamva mwina kasanu. Nthawi imene mwayamba kunyansidwa nako ndi imene iye wangoyamba kukadziwa. Chimodzimodzi kusintha woimba: kanyimbo komweko m'mawu a munthu wina kamamveka ngati ka sitolo ina, n'chifukwa chake fayilo yoyamba ija isatayike.

China ndi nthabwala yoposa malonda. Uthenga umaseketsa mudzi wonse, anthu n'kumabwereza mawu a woseketsayo m'minibasi, koma mukafunsa kuti unali wa sitolo iti palibe akudziwa. Ngati pali mzere woseketsa, dzina likhale mkati mwa mzere womwewo.

Mwini sitolo kufuna kuyankhula yekha si kulakwa ngati anthu amamudziwa mawu. Kulakwa ndi kuyamba ndi malonje ndi mayina a maudindo ake, masekondi khumi n'kutha asanatchule chimene akugulitsa.

Palinso omasulira liwu ndi liwu. Mukafuna uthenga wa Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, sungani kamayimbidwe ndi dzina, koma mzere wa lonjezo ndi macheza alembe mwini chiyankhulocho, awerengenso maphatikizo, ndipo muyesenso pa anthu asanu monga pa 5. Mzere wa maphatikizo asanu ndi atatu m'Chichewa ukhoza kutuluka khumi m'chiyankhulo china, ndipo woimba akaukakamiza m'malo omwewo amameza awiri.

Chomaliza ndi kutchula mtengo wa katundu mu uthenga wojambulidwa. Mitengo ya feteleza ndi mbewu imatha kusintha uthenga usanamalize masiku ake 14, ndipo kasitomala amene wapalasa njinga mtunda wautali atamva mtengo wakale sadzamva zoti kwacha yagwa. Ngati mtengo uyenera kumveka, gwirizanani ndi awailesi kuti wolengeza aziunena yekha kanyimbo kakangotha, ndipo muziwaimbira foni tsiku lomwelo ukasintha.